Za Kugwira Mwendo wa Bwana M'Chingerezi

Chiganizo choyamba cha kalata yofunsira ntchito, chimene chimabwera pambuyo pa adiresi, malonje ndi mutu wa kalata, chili ndi udindo umodzi wokha, womwe ndi kuuza olemba ntchito malo amene munthu akufuna, kumene anaona chilengezo ndiponso tsiku la chilengezocho. Vuto la munthu wa ku Nathenje kapena ku Mitundu ndi lakuti amaganiza kalatayo m'Chichewa, chinenero chimene sichilola mwana wa munthu kufika pa khomo la eni ake n'kuyamba kupempha asanaodire, koma amayenera kuipereka m'Chingerezi, chimene pa nkhani za mu ofesi chilibe nthawi yofunsa za ana ndi mvula.

Chitsanzo choyenera kuchisanthula ndi cha mlembi wa danga lino, katswiri amene anzake a pa bawo amamutcha mphunzitsi ngakhale kuti Chingerezi cha pa mayeso a fomu 4 anachipambana mokwawa. Pofuna ukalaliki pa nyumba ina yogulira soya ndi mtedza pa Mitundu, iye anayala mawu motere: "Bwana, ndagwira mwendo wanu, mundiganizireko pa ntchito iliyonse imene ingapezeke." M'Chichewa mulibe cholakwa, pakuti kugwira mwendo ndi kudandaula modzichepetsa, monga achitira wolakwa pa bwalo la mfumu. Koma katswiriyu, atatsegula dikishonale yake yopanda chikuto, anamasulira liwu ndi liwu, kotero kuti kalata yotayipidwa bwino, yolipiridwa ndalama ya ndiwo, inadziwitsa bwana wosamudziwa kuti pali munthu wa ku Nathenje amene wamugwira mwendo ndipo sanatchule tsiku lousiya.

Cholakwa chachikulu si mwendowo ayi, koma mawu akuti "ntchito iliyonse", chifukwa kalata zimasanjidwa potsata malo olengezedwa, ndipo yosatchula malo ilibe mulu woikapo. Womasulira wodziwa amayamba wafunsa chimene chiganizo chikufuna kuchita, kenako amasankha mawu amene Chingerezi chimagwiritsa ntchito pochita chomwecho, ndipo pa kompyuta pamaoneka izi:

"I wish to apply for the post of Stores Clerk, as advertised on your notice board on 3 March."

Ulemu sunatayike, wangosamukira m'malonje ndi m'mawu otsanzikira, pomwe umphawi, umene mlembiyu anaupatsa ndime yathunthu, sutchulidwa n'komwe. Njira yoyesera ndi yobwezera chiganizocho m'Chichewa: chikamveka chouma moti agogo angafunse kuti mwanayu analeredwa ndi yani, ndiye kuti chakhoza, chikamveka chokoma, pali mwendo wina umene wagwiridwa.

Ntchito ija inapita kwa mtsikana amene mzere wake woyamba unalibe chiwalo chilichonse cha thupi, ndipo katswiri wathu akupitiriza kulembera anzake kalata, pa mtengo wotsitsa.