Za m'tauni: "Afana avaya" yadukiza bawo

Sabata ino nkhani m'tauni zachuluka ngati masiku onse. Ku depoti akudandaula za mtengo wa minibasi, kumsika amayi a tomato akuti mvula yawawonongera bizinesi, ndipo kumpopi nkhani ikadali ya chinkhoswe cha Loweruka. Kumeneko woyendetsa mwambo, mnyamata wa suti yothina, adagwira maiki pamaso pa ankhoswe nkulengeza kuti, "Afana oimba avaya kudeni, koma zonse zili bho." Achinyamata adaomba m'manja, azakhali a mkwatibwi adagwira pakamwa.

Nkhaniyo idafika mpaka pakhonde la telala pomwe pamakhala bawo. Pamenepo idakumana ndi abwenzi awiri: ahedi opuma pantchito, ndi mnzawo amene amaphunzitsa Chichewa kusekondale. Bawo idaima, makina a telala nawo adayamba kuyenda mwapang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, ana mukuwaphunzitsa chiyani masiku ano?" adayamba ahedi. "Kuvaya, kudeni, dola, bho. Chilankhulo chopanda malamulo! Ife Chichewa tidachiphunzira chili ndi eni ake. Chidakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, mu 1972 nkukhazikitsa Chichewa Board, ndipo ukalakwitsa ankakukonza ngakhale pa wailesi ya MBC."

"Zoona ahedi. Koma tandiuzani, mu 'afana avaya kudeni', lamulo lathyoledwa ndi liti?"

"Onse!"

"Tiyeni tiwerenge. Mumati 'mwana wapita', akakhala ambiri mumati 'ana apita'. Mnyamata uja akadanena za mmodzi akadati 'mfana wavaya', koma poti anali ambiri adati 'afana avaya'. Mgwirizano wa dzina ndi mneni uli m'malo mwake. Akakana amati 'sindivaya', poletsa amati 'osavaya', pothamangitsa munthu amati 'tamuvayitsa'. Chasintha ndi tsinde lokha, zina zonse ndi Chichewa chomwe munkalemba pa bolodi."

Ahedi adati zimenezo zangochitika mwangozi. Mnzawoyo adawauza kuti ayese okha kuthyola lamulo aone ngati anyamatawo angawalekerere. Mwamwayi pankadutsa mnyamata wa kabaza akukankha njinga yophwa tayala. Ahedi adakonza kukhosi.

"Iwe mfana! Dola changa atha, ndili kudeni pano."

Mnyamatayo adaima, nkuwayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Madala, mukuti bwanji? Timati 'dola yanga yatha'. Ndipo ndi 'padeni pano' kapena 'kudeni kuno'. Musamasakanize." Adapitiriza ulendo akupukusa mutu, ndipo telala adaseka mpaka kulavula singano yomwe adaluma.

"Mwaona?" adatero aphunzitsi. "Wakukonzani popanda buku. Liwu loti dola adaliika m'gulu limodzi ndi ndalama ndi nyumba, nchifukwa chake likufuna 'yanga yatha'. Pa amayenda ndi pano, ku amayenda ndi kuno. Chilankhulo chopanda malamulo sichingakhale ndi cholakwika, koma inu mwalakwitsa ndipo mwana wamva."

Apa aphunzitsi adafotokoza kuti mawu oti malamulo a chilankhulo amanyamula zinthu ziwiri. Pali malamulo ofotokoza, omwe katswiri amawapeza pomvetsera mmene eni chilankhulo amalankhulira, nkulemba zimene wapeza, osaweruza. Palinso malamulo olamula, omwe bungwe, sukulu kapena mkonzi wa nyuzipepala amasankha kuti ndiwo azitsatidwa polemba ndi polankhula pagulu. Oyambawo mwana amawayamwira, enawo amawaphunzira m'kalasi.

"Chitsanzo cha oyamwirawo nachi," adapitiriza. "Timati kuphikira, kugulira, kusambira, koma kulembera, kugonera. Tsinde likakhala ndi a, i kapena u timaika -ir-, likakhala ndi e kapena o timaika -er-. Tsono tamverani ana athu. Amati 'tivayire limodzi', koma pofuna nyimbo ya pa foni amati 'undisheyereko'. Simudzamva 'tivayere' kapena 'undisheyireko'. Adawaphunzitsa ndani kuti liwu lobwera dzulo limvere lamulo limeneli?"

Ahedi adatola nkhomo ziwiri nkuzibwezeranso. "Chabwino. Nanga olamulawo mukuti ngachabe?"

"Ayi. Koma tizidziwa kuti adachita kusankhidwa ndi anthu. Munkachonga cholakwa mwana akalemba 'ndinabadwa ku Thyolo', mukuti za kale ndi 'ndidabadwa'. Chikhalirecho anthu ochuluka, makamaka kummwera kuno, amanena 'ndinabadwa' kuyambira ali ana, ndipo palibe amene amasokonezeka. Zidangochitika kuti Chichewa cha m'chigawo chapakati, kwawo kwa a Kamuzu Banda, ndicho chidatengedwa kukhala cha m'mabuku. Akadachokera kwina, mwina bwenzi cholembera chanu chofiira chikudula -da-."

Pamenepa ahedi adapeza pogwira, ndipo anthu a pakhondepo akuti sadalankhule zopanda nzeru. Adati popanda kugwirizana kalembedwe kamodzi, buku losindikizidwa ku Blantyre lingavute mwana wa ku Mchinji, ndipo woona mayeso a MANEB sangadziwe chochonga. Adawonjeza kuti mawu a achinyamata sachedwa kutha fasho, ndiponso amasiyana pakati pa Ndirande ndi Kawale, kotero sungalembere uthenga wa katemera kapena kalata ya kwa amfumu. Aphunzitsi adavomera zonsezo, nkunena kuti iwonso mwana akalemba "ndinavaya" m'chimangirizo amamudula malikisi. Kusiyana kwake nkwakuti m'mphepete mwa pepala salembamo kuti "Chichewa cholakwika", amalemba kuti "si malo ake". Jombo za kudimba sizong'ambika ayi, kungoti sulowa nazo pa ukwati.

"Ndiye mnyamata wa pachinkhoswe uja?" adafunsa telala.

"Galamala adakhoza, ulemu adalephera," adayankha aphunzitsi. "Pamaso pa ankhoswe pamafunika mawu olemera. Azakhali aja chidawapweteka si mneni, koma kupepukidwa kwa mwambo."

Ahedi adayesanso njira ina, yoti mawuwo ngobwereka. Adayankhidwa kuti nsapato zomwe avala dzina lake lidachokera kwa Apwitikizi, ndege kwa Aswahili, ndipo sukulu yomwe adaitsogolera zaka zonsezo ndi liwu lachingerezi lomwe lidangovekedwa mavawelo kuti likhale bwino pakamwa pa Mchewa, monganso deni. Mawu ena obwera amazika mizu mpaka kulowa mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ena amafa ndi m'badwo wawo. Aphunzitsi adawakumbutsanso kuti Chichewa Board ija idathetsedwa, ndipo m'malo mwake mu 1996 kudabwera Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe ntchito yake ndi kufufuza zilankhulo za m'Malawi. Ngakhale chilankhulo cha anyamatachi akatswiri adachiphunzira kale: a Francis Moto adalembapo za icho mu 2001, ndipo ena amachitcha Chibrazi.

"Mpaka ku yunivesite?" adadabwa ahedi. "Basi dziko latha."

Sadagwirizane kwenikweni. Ahedi akuti mdzukulu wawo akadzawapatsa moni wa "bho madala" adzagona ndi njala, pomwe aphunzitsi akuti mwanayo angophunzitsidwa kusiyanitsa agogo ndi anzake a kumpira. Chomwe tamva nchakuti banja la mkwatibwi laitananso mnyamata yemwe uja kuti adzayendetse madyerero a ukwati mwezi wamawa, poti perekaniperekani amamutha. Azakhali apempha chinthu chimodzi chokha: pulogalamu ayambe aiona iwo, atatenga cholembera.