Ntchito Yanga ndi Yozimitsa Magetsi

Bungwe lathu likaitana akufuna kwabwino kuti liwapemphe ndalama za mjigo, ine ndimapatsidwa udindo wolemera zedi: kuzimitsa magetsi kanema akamayamba. Anzanga amakhala kutsogolo atavala mataye, ine ndili pakhoma chala chili pa switchi. Koma pakhomapo mpamene munthu amaonera bwino mmene kanema wa mphindi zitatu amafewetsera matumba.

Masekondi 20 oyamba mumaoneka mtsikana mmodzi yekha, ndowa ili pamutu mbandakucha, kukumveka mapazi ake basi. Ndinadandaulapo kuti bwanji osaonetsa mudzi wonse, poti azakhali anganso amafuna kuoneka. Anzanga anandiyankha ndi kafukufuku wa mu 2007 wa Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic. Anthu amene anauzidwa za Rokia, mwana wa zaka 7 wa ku Mali, anapereka zambiri kuposa amene anawerengeredwa mamiliyoni a anthu anjala, ndipo ziwerengerozo zitaikidwa pambali pa Rokia, zopereka zinatsika. Azakhali mpaka lero sandilankhula.

Kenako chisoni chimakula: madzi a pachithaphwi, mwana kufika kusukulu anzake atayamba kale masamu. Pofika mphindi imodzi ndi theka chiyenera kuleka. Chikapitirira, ndimaona timagetsi ta mafoni tikuyaka pansi pa matebulo, chifukwa munthu akaona kuti vuto lamukulira amalithawa.

Apa nyimbo imafulumira. Amudzi awunjika kale mchenga ndi njerwa, asankhanso komiti, ndiye alendo amaona kuti sakuthandiza anthu ongopinda manja. Madzi amaoneka akutuluka, koma pamjigo wa mudzi woyandikana. Mukaonetsa mtsikana uja akumwa madzi oyera, bwana amawomba m'manja, nkuganiza kuti ntchito yatha, nkuyamba kufunsa za samusa. Nkhani yake imasiyidwa yosatha dala, ndipo masekondi omaliza amangonena ndalama zimene zatsala.

Tsono ikafika nthawi yanga, ndimawerenga mpaka 5 mumdima kuti abambo olemekezeka apukute m'maso popanda mboni, kenako ndimayatsa. Mapepala a malonjezo ndi zolembera zimakhala zili patebulo kale. Wolankhula ayenera kupempha pomwepo mitima isanazizire, koma apampando athu amayamba ndi "Ndisanapite patali, ndilonjere kaye...", ndipo akamafika pa mlendo wachisanu ndi chitatu misozi imakhala itauma, ena akusaka makiyi a galimoto.

Machenjera onsewa ndimawadziwa, ngakhale sekondi imene gitala amalowa. Komabe ulendo watha ndinapezeka ndalemba lonjezo la K20,000, ine amene ndinabwera pa kabaza wangongole. Amayi a kunyumba akuti mwezi wamawa andimanga nsalu kumaso, switchi ndizichita kufufuza ndi dzanja.