Geti Likatsekedwa, Kiyi Azigona Kuti?

Papuloti pomwe ndikuchita lendi ku Area 25 mu Lilongwe pali makomo asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, dzala limodzi ndi geti limodzi. Alandilodi akufuna malamulo olembedwa, ndipo atipatsa pepala la mizere inayi kuti tiwerenge tisanakumane Lamlungu. Ndine wachilendo m'tauni, mwina anzanga sakuonapo vuto. Komabe ndifunse.

Mzere woyamba ukuti geti lizitsekedwa 9 koloko usiku ndi kutsekulidwa 5 koloko m'mawa. Chifukwa chake ndikuchimvetsa, pakuti zovala zakhala zikusowa pachingwe. Koma kiyi azigona kuti? Loko anabwera ndi makiyi atatu, pomwe mabanja tilipo asanu ndi limodzi. Achimwene a khomo lakumapeto amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndalama amaipeza usiku minibasi zikasiya kuyenda. Amayi a tomato amalawira 4 koloko kukapikula ku Wakawaka. Kodi anthu awiriwa azigogoda geti tsiku ndi tsiku mpaka wina adzuke? Nanga mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku, osunga kiyi atapita kumaliro, tidzamutulutsira pampanda?

Ine ndimaganiza kuti geti timatsekera akuba, osati eni nyumba. Ngati zili choncho, bwanji osadulitsa makiyi kuti khomo lililonse likhale ndi wake, lamulo n'kungoti wolowa kapena wotuluka 9 koloko itakwana atseke m'mbuyo mwake? Ndaona mageti ena ali ndi kabowo kopisapo dzanja, kuti loko ali mkati munthu azitsekula ali panja. Pepalalo linenenso za wotaya kiyi: agule loko watsopano ndi makiyi a onse, kapena tisonkhe? Wosamuka azibweza kiyi kwa yani?

Mzere wachiwiri ukuti mlendo asagone popanda chilolezo. Kodi mlendo ndani? Apongozi akabwera kuchokera ku Dedza kudzaonana ndi madokotala pa Kamuzu Central, ndiwasiye panja mpaka alandilodi ayankhe foni? Kwathu mlendo sapempheredwa chilolezo, timangodziwitsa oyandikana nawo kuti akamuona asadabwe. Nditafunsa anzanga ndinamva kuti nkhani yagona pa madzi, chifukwa bilu timagawana powerenga mitu. Tiyerekeze kuti yabwera K30,000 ndipo tilipo anthu 20: aliyense K1,500. Banja lina likasunga alendo anayi mwezi wathunthu osawerengedwa, mitu imakhala 24, ndipo aliyense akanayenera kupereka K1,250. Apo kudandaula n'komveka. Nanga bwanji osangolemba zomwezo, kuti mlendo akapitirira sabata awerengedwe pa bilu ya madzi? Chilolezo chikubwera pati?

Za zinyalala pepala langoti tizitaya kudzala. Zonse? Makoko a nthochi ndi phulusa zimaola, koma matewera otaya, majumbo ndi mabotolo saola, ndipo ndi zomwe zadzaza dzala lathu. Wina akaziyatsa, utsi umalowa m'nyumba ziwiri zoyandikana nalo, matewera onyowawo osapsa n'komwe, agalu n'kuwamwaza pabwalo. Mvula ikagwa madzi a kudzala amatsikira kumpopi komwe timatsukira mbale. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Kodi sitingamaike zosaolazo m'thumba lapadera, n'kusonkha ndalama yolipira otola zinyalala? Dzala likadzaza, wokumba lina ndani? Posesa pabwalo akuti tizisinthana, koma masiku sanalembedwe, ndipo mpaka pano ndimaona mayi mmodzi yemweyo ali ndi tsache.

Mzere wa magalimoto ndi waufupi kuposa yonse: aziimikidwa bwino. Bwino ndiye kuti chiyani? Bwalo lathu ndi lopapatiza, magalimoto atatu amaima mondondozana, ndipo wofika pomaliza amatsekera onse. Bambo a takisi amafika msanga madzulo, choncho yawo imakhala mkati kwenikweni, chonsecho ndi omwe amayamba kutuluka. M'bandakucha timadzuka ndi hutala. Kodi sizingatheke kuti wotuluka moyambirira aziimika pafupi ndi geti, ena akafika aziyamba asinthana naye malo? Pakati pa galimoto ndi khoma pazitsala mpata woti munthu adutse ndi ndowa, komanso ekizozi isaloze pawindo la munthu. Ya mlendo izikhala panja kapena mkati?

Pansi pa pepalalo pali mawu akuti wophwanya lamulo alipire chindapusa. Zingati, ndipo woweruza ndani? Ndalamayo izipita m'thumba la alandilodi, kapena izisungidwa kuti tigulire loko ndi babu la pageti? Mwana wa alandilodi amakhala khomo loyamba, ali ndi galimoto ndipo amafika mochedwa. Lamlungu ndikufuna ndikafunse mwaulemu ngati nayenso adzasainire pepalali.