Ku George Zikomo Amalemba ndi Komiti

M'komboni ya George, foni ya ntchito ikaimbira munthu mmodzi ndiye kuti yaimbira pulote yonse. Mnyamata wina wa kufupi ndi kwathu anafunsira ntchito yosunga katundu ku Chinika, ndipo mayi wolemba anthu ntchito anamuimbira kuti amumve kaye asanamuitane ku ofesi. Anayankha mafunso ataima kuseri kwa bafa, poti ndiko netiweki imagwira, mwendo wina ukupirikitsa tambala. Pomwe foni imadulidwa, komiti yolemba uthenga wothokoza inali itakhala kale pa zigubu.

Amalume ake anati uthenga uyambe ndi "Wolemekezeka bwana wamkulu", kenako ufunse za ana, za mvula ndi za kumudzi. Amake anafuna mavesi awiri ndi mawu akuti mwanayu sakumwa mowa. Alandilodi, amene kale lonse sanasonyezepo chidwi ndi tsogolo la mnyamatayu, anangopempha kuti afunse tsiku la malipiro. Pofika madzulo uthenga unali utatalika ngati maliro a mfumu, koma za ntchito munalibemo.

Anaupulumutsa ndi mlongo wake wogulitsa m'shopu ku Matero. "Iwe, mayi uja waimbira anthu angati lero? Onsewo ati ndi olimbikira ndiponso oopa Mulungu. Wanena chiyani chomwe chamuvuta pa ntchitopo?"

Mnyamata anakanda mutu, nakumbuka. Mayiyo anadandaula kuti akawerenga katundu kumapeto kwa mwezi, matumba a m'sitolo sagwirizana ndi zolembedwa pa makadi. Mlongo anafufuta zonse, amalume akung'ung'udza, ndipo chotsala m'Chingerezi chinali ndi tanthauzo ili:

"Mayi, zikomo pondiimbira pa za ntchito yosunga katundu. Ndaganizira zomwe munanena za matumba osagwirizana ndi makadi. Komwe ndinkagwira kale tinkalemba thumba lililonse nthawi yomwe likutuluka, osati madzulo, ndipo tinkawerengako pang'ono Lachisanu lililonse kuti cholakwika chipezeke msanga. Ndingakondwe kudzafotokoza zambiri pamaso."

Pansi pake dzina ndi nambala, basi. Mfundo imodziyo imagwira ntchito ziwiri: imakumbutsa mayiyo kuti mwa mawu onse aja uyu ndi uti, ndipo imasonyeza kuti ankamvetsera, osati kungodikira funso la malipiro. Koma ikhale yomwe inakambidwadi. Ukapeka yako, kapena ukalemba dzina la kampani ina yomwe unafunsirako sabata yatha, wadziulula wekha.

Uthenga uyenera kupita tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa, nthawi ya ntchito, panjira yomwe iwo anakupezera. Apa magetsi anali atapita, foni inafa, ndipo inakagona pa kantemba kotchajitsa. Unatumizidwa m'mawa 8 koloko, kamodzi kokha, popanda kufulasha.

Amalume mpaka lero akuti mwanayu alibe ulemu, chifukwa sanafunse n'komwe ngati mayiyo anadzuka bwino.