Nsalu ya Akulu ndi Makatoni Khumi a Bisiketi

Makolo athu, amene sanaoneko shelefu kapena kugwira lisiti, anatisiyira mawu oti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kutanthauza kuti wamkulu akakutuma kukachapa nsalu yake iwe usakufuna, sumuyankha m'maso muli gwa kuti toto, koma umailandira ndi manja awiri, n'kupita nayo kudambo, n'kukaiika m'madzi, kuti ngakhale ntchito isathe, ulemu wokha uoneke kuti unalipo. Ine amene ndakhala kuseri kwa kauntala ya kagolosale kanga pa Lunzu zaka zokwanira kumeretsa imvi, ndaona kuti mwambiwu, ngakhale unanenedwa poganizira ana ndi agogo awo, ukugwira ntchito koposa pa akulu a masiku ano, amene ndi anyamata a zaka makumi awiri ndi mphambu, ovala malaya a kampani, otsika m'galimoto yochokera ku Limbe atanyamula buku la maoda m'khwapa.

Muwatche akulu ndithu, pakuti amene ali ndi shuga pa nthawi imene shuga wasowa m'tauni monse ndiye mfumu yako, ndipo ukamunyoza lero chifukwa cha bisiketi, mawa galimoto yake idzakudutsa ngati chitsa.

Wina wa iwo anandifikira tsiku lina dzuwa litapendeka, ndipo atandipatsa moni wa mafuta, anati, "Madala, lero ndakubweretserani mwayi umene sindinauzeko aliyense pamsewu wonse uno. Mukatenga makatoni khumi a bisiketi, ya khumi ndi chimodzi ndi basela, yaulere." Ndinamukokera mpando, pakuti munthu woimirira amalankhula mofulumira ndipo wokhala pansi amayamba kumva, ndinamufunsa za kunyumba ndi za msewu, kenaka ndinamulola kuti ayale uthenga wake wonse kufikira ameni, osamudula pakamwa. Uku ndiko kulandira nsalu ndi manja awiri, ndipo sikudya ndalama.

Koma pamene pakamwa panga pankati "zoona, zoona," mutu unali pa masamu, monga munthu uja wa m'Uthenga Wabwino amene amayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo asanamange nsanja. Katoni imodzi inali ya K12,000, ndipo munali mapaketi 24. Ine ndikagulitsa paketi pa K600, katoni imandibwezera K14,400, phindu lake K2,400. Makatoni khumi ndiye K120,000 yotuluka m'thumba tsiku lomwelo. Tsono chimene mnyamatayo sankachidziwa, ndipo sichinali m'buku lake, ndi chakuti pa golosale yanga katoni imodzi ya bisiketi zimenezo imatha mwezi wathunthu, popeza ogula ake ndi ana a sukulu ndi anthu opita kukazonda odwala. Makatoni 11 ndi miyezi 11.

Apa ndipo ndinapempha, mwaulemu wonse, kuti anditsitsireko katoni imodzi ndiione, ndipo nditavala mandala ndinaitembenuza kufunafuna malo aja alembapo BEST BEFORE, amene amalembedwa ndi tizilembo tating'ono ngati mapazi a nyerere. Panali patatsala miyezi inayi. Indetu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: m'miyezi inayi ndikanagulitsa makatoni anayi, n'kutolera K57,600, ndipo asanu ndi awiri otsalawo, pamodzi ndi basela yemwe, akanasanduka chakudya cha mphemvu ndi makoswe, ine nditataya K62,400 chifukwa chothamangira mphatso ya K12,000. Katundu akatsitsidwa mtengo modzidzimutsa, kawirikawiri tsiku lake layandikira kapena wakanirira m'nyumba yosungiramo, ndipo mwini wake akufuna kuti akaolere kwa wina.

Ngakhale tsikulo likanakhala kutali, nkhani ya mpamba ikanatsalabe. Ndalama ya golosale yaing'ono ili ngati madzi a mumtsinje, imakhala ndi moyo ikamayenda. K120,000 yomweyo ndikaiika mu shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, imapita n'kubwerera kangapo mwezi usanathe, ulendo uliwonse itabereka kamwana, pamene ikagona m'makatoni pansi pa kauntala imangosonkhanitsa fumbi, kasitomala wofuna sopo n'kumabwerera chimanjamanja.

Mnyamatayo ataona kuti ndachedwa pa tizilembo tija, anasolola mkondo wachiwiri. "Bambo, zinthu zikwera posachedwa. Mwaiwala Novembala wa 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti?" Sindinaiwale, ndipo ndani angaiwale, amene anali ndi sopo wambiri m'nyumba sabata imeneyo anagona wosauka n'kudzuka Yosefe wa ku Igupto. Koma Yosefe anasunga tirigu, amene amapirira zaka, ndipo bisiketi ndi mbale wake wa mana a m'chipululu, amene aliyense wosunga mopyola muyeso anawapeza m'mawa atachita mphutsi. Mawu amenewa ndinawasunga mumtima, chifukwa mlendo sapikisana naye nzeru pakhomo.

Mkondo wachitatu ndi umene unandilasapo kale, ndili wamng'ono pa malonda: "Tingokusiyirani, mudzalipira pakutha pa mwezi." Nthawi imeneyo ndinachita manyazi kukana munthu amene anali atatsitsa kale katundu ndi thukuta lake, ndipo ndinasaina, mwezi unatha msanga kuposa zakumwa zimene anandisiyira, ndipo amene anabwera kudzatolera ndalama sanali womwetulira uja, koma wina wa nkhope ngati chitseko cha ndende. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuitsatira. Chiyambire pamenepo ndimafunsa katundu asanatsike ngati wotsala adzamutenganso, ndipo yankho likayamba ndi kutsokomola ndimadziwa kuti ndi ayi.

Tsono ndinaviika nsalu motere. Ndinati, "Achimwene, katundu wanu ndi wabwino, ndipo mtengo mwaupanga bwino, cholakwa ndi golosale yanga, imene ili ndi m'mimba mwa mwana. Bisiketi izi ndimatha katoni imodzi pamwezi. Ndipatseni imodzi pa mtengo wa masiku onse, ndilipira pompano, ndipo tsiku limene mudzakhale ndi basela pa sopo kapena mafuta, musadzandipitirire." Onani kuti sindinanyoze katundu wake, sindinatchule kuti kwa amwenye ku Limbe n'kotchipa, ndiponso sindinaname.

Pakuti pali kuviika kwina kwachinyengo kumene anzanga ambiri amakukonda, kouza munthu kuti "ndiganizire kaye," kapena "mubwere sabata yamawa," kapenanso bodza lija lotchuka lakuti eni ake a golosale achokapo, chonsecho wolankhulayo dzina lake ndi lomwe lalembedwa pachikwangwani panja. Nsalu yoviikidwa motero imakhalitsa m'madzi mpaka kununkha: mnyamata amalemba m'buku kuti madala a pa Lunzu avomera, amabweradi sabata yamawa makatoni ali m'galimoto, ndipo pamenepo kukana kwake kumakhala kowawa kawiri, chifukwa wawotcha mafuta ndipo walonjeza kale bwana wake.

Mnyamata uja anandilembera lisiti ya katoni imodzi, nkhope itagwa pang'ono koma osati mpaka pansi, ndipo ndinamuperekeza kufika pagalimoto monga ayenera mlendo. Ndili pakhomo ndinaiona ikuima patsidya pa msewu, pa okala ya mnzanga wina wamtima wofewa, ndipo posakhalitsa anyamata anayamba kutsitsa makatoni, ine n'kumawerenga chamumtima mpaka 11. Miyezi isanu itapita, mnzangayo anayamba kupereka bisiketi kwa aliyense wobwera kudzacheza, ndipo nanenso anandipatsako paketi. Ndinailandira ndi manja awiri, n'kukaiviika mu tiyi, chifukwa mwa njira ina sikanatafunika.