Ntchito Inatha Bwanji?

Oyankhula: aChisale (bambo a Yamikani) ndi aNambewe (mayi a Tadala), oyandikana nyumba ku Ndirande

(Tambala akulira. Madzi akukhavuka m'bafa ya kuseri kwa nyumba. AChisale akuyankhula okha mokweza.)

ACHISALE: Zikomo mabwana nonse. Ntchito yanga inatha chifukwa cha nsanje. Ndibwereze, nsanje! Manijala wathu anali mfiti yovala tayi...

ANAMBEWE: Bambo a Yamikani! Madzi anu a sopo alowanso m'bedi langa la mpiru. Ndipo mukulalikira ndani m'bafamo mamawa ano?

ACHISALE: Aneba, lero ndisiyeni. Ndili ndi intavyu ku Limbe 10 koloko. Ndikuyeserera mayankho.

ANAMBEWE: Amenewo ndiye mayankho? Bola mungosunga ya minibasiyo mugule matemba.

ACHISALE: Inu mukudziwa chiyani za intavyu? Ntchito yanu ndi yofulula tiyi.

ANAMBEWE: Eya, ndipo tiyiyo ndimakamuika patebulo pomwe amafunsira anthu. Munthu akatuluka, mabwana amamukambirana ine ndikutolera makapu. Wonyoza bwana wake wakale pepala lake amaliika pansi penipeni. Amati mawa mfiti yovala tayi tidzakhala ife.

ACHISALE: Ndiye ndiname? Chabwino. Ndikanena kuti ndinasiya ndekha kuti ndikalime soya kumudzi.

ANAMBEWE: Soya wake uti? Chaka chonse chino mwakhala pakhonde apo kusewera bawo. Komanso papepala lanu lofunsira ntchito munalemba nambala ya ndani?

ACHISALE: Ya kuofesi kwathu kwakale.

ANAMBEWE: Ndiye foni imodzi yokha, soya yense wapsa. Akakugwirani bodza musanalowe n'komwe, angakupatseni makiyi a sitolo? Tatulukani m'bafamo mundiuze bwino. Ntchitoyo inatha bwanji?

(Chitseko cha malata chikulira. Mapazi m'matope.)

ACHISALE: Ndinali kalaliki wosunga katundu pakampani yoitanitsa masipeya a galimoto kuchokera kunja. Zaka 7. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'kumasowanso, katundu anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Mashelefu mbee! Tinali ndi madepoti awiri, atseka imodzi. Mwa anthu 14 anatidula 9.

ANAMBEWE: Basi, yankho ndi limenelo.

ACHISALE: Liti?

ANAMBEWE: Lomwe mwanenali. Kampani inatseka depoti chifukwa katundu sankabwera, anthu 9 mwa 14 tinachotsedwa, ine ndinali mmodzi mwa iwo. Mwatha. Mfitiyo yalowera pati?

ACHISALE: Koma ndiye lafupika! Ine ndinakonza za mphindi khumi, kuyambira tsiku lomwe manijala uja anandibisira kapu yanga.

ANAMBEWE: Kapu yanu siiwakhudza. Akamafunsa funso limeneli amafuna kudziwa chinthu chimodzi: vuto linali munthuyu kapena malo ake? Ngati anatha ndi malo, nenani msanga, ndipo nambala muitchule. Munthu akati "anandichotsa", amamuyang'ana m'maso kufuna cholakwa. Akati "tinachotsedwa anthu 9", amatembenukira ku kampani. Kalata yanu ikuti chiyani?

ACHISALE: Ili m'Chingerezi chozungulira. Ikuti chifukwa cha kayendetsedwe ka ntchito za kampani.

ANAMBEWE: Ndi mawu a m'lamulo amenewo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limalola kuchotsa munthu pa zifukwa zitatu: khalidwe lake, kulephera kwake ntchito, kapena zosowa za kampani. Inu muli pachitatupo, pomwe palibe mlandu. Severansi anakupatsani?

ACHISALE: Nkhani ya ndalama zanga ikukukhudzani bwanji?

ANAMBEWE: Sindikupempha. Tonse tinaona wailesi yaikulu ija ikulowa m'nyumba mwanu pa wilibala. Anawerengera bwanji?

ACHISALE: Zaka zisanu zoyamba, malipiro a masabata awiri pachaka. Ziwiri zotsalazo, masabata atatu pachaka. Onse pamodzi masabata 16. Ndi notisi ya mwezi umodzi.

ANAMBEWE: Mwaona? Wochotsedwa chifukwa cha kuba kapena mwano salandira severansi. Pepala lomwe anawerengerapo ndalamazo ndi mboni yanu. Muliike mu envulopu limodzi ndi kalata. Musachite kuliponya patebulo ngati khadi la njuga, koma akaonetsa kukayika mungoti, makalata ndili nawo pano.

ACHISALE: Hmm. Apo mwayankhula ngati munthu.

ANAMBEWE: Dikirani, sindinathe. Ine ndine bwana tsopano. Imani bwino, chitenje cha akazi anucho muchimange. (Akusintha mawu.) AChisale, tamva. Koma anthu asanu anatsala. N'chifukwa chiyani inu simunali m'gulu la otsalawo?

ACHISALE: Chifukwa otsalawo ndi akwawo kwa manijala! Wina ndi mlamu wake, wina amapemphera naye...

ANAMBEWE: Zikomo, tidzakuimbirani. Wotsatira!

ACHISALE: Koma ndi zoona!

ANAMBEWE: Muli ndi umboni? Funso ili ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri, chifukwa loyamba lija aliyense amabwera ataloweza. Pamsonkhano anakuuzani kuti asankha bwanji?

ACHISALE: Anati depoti yotsalayo ili kale ndi kalaliki wake, amene anayamba ntchito ine ndisanabwere. Ndipo iye amadziwa kulemba katundu pakompyuta, pomwe ine ndinkalemba m'makadi.

ANAMBEWE: Nenani zomwezo. Malo a kalaliki anatsala amodzi, anasunga amene anakhalitsa komanso wodziwa kompyuta.

ACHISALE: Ndidziulule ndekha kuti kompyuta inandipitirira?

ANAMBEWE: Nanga madzulo aja Yamikani ankakukalipirani kuti "adadi, osadina pamenepo", munkatani?

ACHISALE: Mumamvetsera za m'nyumba mwanga?

ANAMBEWE: Khoma lanu ndi la njerwa imodzi.

ACHISALE: Amandiphunzitsa Excel. Pano ndimatha kulemba zolowa, zotuluka, zotsala n'kudziwerengera zokha.

ANAMBEWE: Ndiye pomalizira yankho lanu ndi pamenepo. Mwanena chomwe chinachitika, mwanena chomwe mwachitapo, kenako mutseke pakamwa. Akakhala chete musachite mantha n'kuyamba kuwonjezera. Amakhala akulemba. Ndaona anthu atayankha bwinobwino, chete uja n'kuwaopsa, n'kuyamba kuulula ngakhale za mafuta a jenereta omwe palibe anawafunsa.

ACHISALE: Zanga n'zosavuta, ine sindinalakwe. Koma pali anthu ena pamalo pano, sinditchula maina, amene anachita kupirikitsidwa pagolosale ina ku Ginnery Corner. Amenewo anakayankha chiyani?

ANAMBEWE: Mukunena ine?

ACHISALE: Ndati sinditchula maina.

ANAMBEWE: Anandichotsa, inde. Sindibisa. Ndinkachedwa. Makalata a chenjezo awiri, kachitatu anandiitana kuti ndidziyankhire, n'kundichotsa. Tadala anali wakhanda, wondigwirira mwana panalibe.

ACHISALE: Ndiye munakanena kuti anachepetsa antchito.

ANAMBEWE: Golosale ya anthu anayi, wochoka ine ndekha, tsiku lotsatira alemba wina? Bodza lake likanatha mtunda wanji? Ndinati: anandichotsa chifukwa chochedwa kuntchito. Vuto linali langa. Nthawi imeneyo ndinalibe wondisamalira mwana, pano amakhala ndi mchemwali wanga, ndipo ndimanyamuka 6 koloko isanakwane. Ndinawapatsanso nambala ya mayi wina amene ndinamugwirira ganyu miyezi ingapo pambuyo pake, kuti amufunse ngati ndinachedwapo.

ACHISALE: Basi anakulembani?

ANAMBEWE: Malo awiri oyamba sanandiimbire. Achitatu ndi kumene ndili mpaka lero. Kuchotsedwa chifukwa cholakwa kumapweteka pa intavyu, tisanamizane. Koma kumapweteka kamodzi. Bodza limadikira mwalembedwa, mwagula sofa pangongole, ndiye litulukire.

ACHISALE: Nanga akanakhala kuti anakuchotsani mopanda chilungamo? Mphwanga anangouzidwa pageti kuti usalowenso. Sanamufunse kalikonse.

ANAMBEWE: Ameneyo athamangire ku ofesi ya leba miyezi itatu isanathe, chifukwa lamulo limati munthu ayambe wamvedwa asanachotsedwe pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Zikakanika kumeneko nkhani imapita kukhoti la zantchito. Koma pa intavyu asakazenge mlanduwo. Angoti, anandichotsa, sindinagwirizane ndi chifukwa chake, nkhani ili ku leba. Akafuna zambiri afunsa okha.

ACHISALE: Ine ndiye ndikuopa manijala uja. Akamuimbira adzandithira matope.

ANAMBEWE: Setifiketi yosonyeza kuti munagwirako ntchito munatenga?

ACHISALE: Imeneyonso ndi iti?

ANAMBEWE: Zaka 7 pantchito osaidziwa! Mukaipempha, bwana ayenera kukupatsani. Amalembamo dzina la kampani, nthawi yomwe mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. Chifukwa chochokera amachilemba pokhapokha inu mwapempha, ndipo saloledwa kulembamo maganizo awo pa kagwiridwe kanu ka ntchito ngati simunawapemphe. Inu pemphani kuti chifukwacho achilembe, poti chikukukomerani. Ine ndinati asalembe.

ACHISALE: Ha! Ndiye munabisa!

ANAMBEWE: Sindinabise. Ndinafuna achimve pakamwa panga, osati papepala. Ndipo poti mukuopa manijala, kodi kunalibe wamkulu wina amene ankaona ntchito yanu?

ACHISALE: Akauntanti. Chaka chilichonse tikawerenga sitoko ankapeza zonse zili ndendende. Ngakhale bawuti imodzi sinasowepo m'manja mwanga.

ANAMBEWE: Mawu amenewo ndiye mukanayamba nawo m'bafa muja m'malo mwa mfiti. Muwaimbire akauntantiwo musanakwere minibasi, muwapemphe, muwauzenso zomwe mukanene, kuti mawu anu ndi awo akakhale amodzi. Tayesani tsopano. (Akusintha mawu.) AChisale, ntchito yanu inatha bwanji?

ACHISALE: (Akutsokomola.) Zikomo bwana. Kampani yathu inkaitanitsa masipeya kunja. Kwacha itagwa katundu anachepa, ndipo anatseka depoti yomwe ndinkagwira. Tinachotsedwa anthu 9 mwa 14. Pa zaka 7 zomwe ndinasunga katundu, sitoko sinaperewerepo, akauntanti athu angachitire umboni. Pano ndaphunziranso kulemba katundu pakompyuta. (Kanthawi.) Ngakhale manijala wake anali...

ANAMBEWE: Tsekani!

ACHISALE: Ndatseka.

ANAMBEWE: Mukafika pamenepo muzimwa madzi. Amaika botolo patebulo.

ACHISALE: Aneba, pafomu pawo akufuna anthu atatu ondichitira umboni. Ndili ndi akauntanti ndi abusa. Wachitatu ndilembe inu?

ANAMBEWE: Lembani. Koma akandiimbira ndidzanena zoona zokhazokha, monga ndakuphunzitsirani.

ACHISALE: Zoona zake ziti?

ANAMBEWE: Kuti ndinu munthu wosunga katundu kwambiri. Khasu langa munabwereka mwezi wa Okutobala, mpaka lero mukulisungabe.

ACHISALE: Yamikani! Tenga khasu lili kuseri kwa chitsekolo ukapereke kwa amayi a Tadala. Fulumira! Ubwerenso ndi envulopu ya khaki ili pansi pa matiresi.

(Nyimbo.)