Sivi yokongola, foni yosalira

Ife osaka ntchito sitisowa woloza chala foni ikakhala chete. Timati mabwana analemba kale mwana wa mlongo wawo, kapena azakhali akumudzi anatitchingira mwayi. Ine ndili m'gulu lomwelo, ndipo pa nkhani yodandaula ndine wapampando. Koma pali mdani wina amene timamumanga ndi manja athu omwe, n'kumulipirira ndalama kwa mnyamata wotayipa pa kafe: tebulo la mizere yowongoka bwino, madanga awiri oyang'anizana, ndi dzina lathu litakhala ngati mfumu pamwamba pa tsamba. Mabungwe akuluakulu ambiri akunja, ndi makampani a ku Joni kapena ku Mangalande amene timawatumizira sivi pakati pa usiku bandulo isanathe, amalandira makalata kudzera m'mapulogalamu monga Workday, Taleo ndi Greenhouse. Kawirikawiri woyamba kuwerenga sivi yanu kumeneko ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu ilibe maso osirira zokongola.

Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa. Imasolola mawu onse m'fayilo n'kuwandandalika motsatizana, kenako imasaka mitu imene imaidziwa, monga Work Experience ndi Education, kuti idzaze mabokosi ake: dzina apa, imelo apa, ntchito ndi zaka zake apa. Vuto ndi lakuti fayilo ya PDF nthawi zambiri imangosunga malo amene zilembo zakhala pa tsamba. Kuti mawu awa akutsatana ndi awo, pulogalamu imachita kuganizira yokha. Tiyerekeze kalaliki wa zachuma amene waika maluso ake danga la kumanzere, ntchito zimene wagwira danga la kumanja. Munthu amatsika ndi danga limodzi mpaka pansi asanayambe linalo. Pulogalamu yosachenjera imangodutsa chopingasa, kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mzere uliwonse, ndipo chimene imatola ndi ichi:

```
Skills Work Experience
Excel Accounts Clerk
Driving 2019 - 2023
```

Taonani zimene zachitikira mnzathuyu. Mitu iwiri yaphatikana kukhala mutu umodzi umene pulogalamu singauzindikire. Udindo wake wasanduka dzina la ntchito imene kulibe padziko lapansi. Zaka zinayi zimene anatuluka thukuta powerengera ndalama za eni zakakamira ku luso loyendetsa galimoto, limene analilemba pongofuna kudzaza malo. Bwana akasaka m'kompyuta munthu wodziwa za ndalama wa zaka zitatu kapena kuposa, bokosi la mnzathuyu likhoza kukhala lopanda kanthu, iye ali kunyumba kusita jekete ya intavyu.

Tebulo la maphunziro ndiye nthenda yathu yeniyeni, poti tinakulira kuona kuti sivi yopanda mabokosi a chaka, sukulu ndi satifiketi ndi ya munthu wosaphunzira. Tebulo lomangidwa bwino, mzere umodzi wa sukulu imodzi, mapulogalamu ambiri amaliwerenga ndithu. Koma ife timalimanga mwa changu. Timalemba zaka zonse m'bokosi limodzi, tikumadina Enter kuti zitsike, masukulu onse m'bokosi lachiwiri, masatifiketi onse m'lachitatu, kenako timakankhakankha mpaka zioneke zolunjikana. Kwa diso zonse zili bwino. Pulogalamu imawerenga bokosi limodzi kulimaliza isanapite ku lina, choncho imayamba yatola zaka zonse pamodzi, kenako masukulu onse, kenako mapepala onse, ndipo palibenso chosonyeza kuti dipuloma ndi ya chaka chiti. Mukhoza kupezeka kuti munalandira digiri musanalembe mayeso a folomu 4, nzeru zimene ngakhale amayi anu okukondani sangazivomereze.

Chopweteka kwambiri ndi kachigawo ka pamwamba pa tsamba, kamene mu Word amakatcha Header. Timakonda kuikamo dzina, foni ndi imelo kuti zizioneka pa tsamba lililonse, ngati kuti bwana angatiiwale pofika tsamba lachiwiri. Fayilo ya Word ya mtundu wa .docx kwenikweni ndi mtolo wa timafayilo tingapo. Thunthu la nkhani limakhala mu `word/document.xml`, pamene za pamwambazo zimasungidwa padera, m'kafayilo konga `word/header1.xml`. Pulogalamu imene imangotsegula thunthulo siziona n'komwe. Zili ngati kulemba nambala ya foni pa envelopu yokha, mesenjala n'kutaya envelopuyo, kalata n'kufika kwa bwana ilibe mwini. Zikatero, mawu oyamba m'thunthu amakhala aja timawalemba ndi zilembo zikuluzikulu, CURRICULUM VITAE, ndipo pulogalamu ina ikhoza kuwatenga ngati dzina lanu. Ndimaganiza kuti m'makompyuta a mabungwe muli a Vitae ambirimbiri, onse a khama pa ntchito, onse opanda foni.

Wina anena kuti ndikukokomeza, mapulogalamu amakono anachenjera, ndiponso bwana angathe kutsegula fayilo yeniyeniyo n'kuona kukongola kwake konse. Zonsezo n'zoona, ndipo ndionjezepo kuti nkhani yoti kompyuta imang'amba sivi yanu yokha chifukwa cha tebulo ndi yokokomeza. Chimene chimagwetsa munthu pompopompo nthawi zambiri ndi mayankho ake pa mafunso a pa fomu, monga ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo. Komabe bwana amene walandira makalata mazanamazana satsegula onse. Amasefa ndi kusaka pogwiritsa ntchito mabokosi aja, ndipo amene mabokosi ake asokonekera amatsalira pansi pa mulu popanda womukana. Ndiponso inu wotumiza simudziwa ngati pulogalamu ya uko ndi yochenjera kapena ndi yakalekale. Winanso ati sivi ya danga limodzi ndi yosasangalatsa, ikuoneka ngati chidziwitso cha maliro. Kwa wojambula zithunzi amene akukapereka pepala pamanja, dandaulo limeneli lili ndi mutu, ndipo iye asunge masivi awiri. Koma enafe tikufunsira ntchito yosunga katundu m'sitolo, ndipo sindinamvepo kuti wina anatengedwa chifukwa cha mzere wobiriwira.

Kudziyesa n'kwaulere, chimene kwa ine ndi chifukwa chokwanira. Tsegulani sivi yanu, dinani Ctrl+A, kenako Ctrl+C, mutsegule Notepad n'kudina Ctrl+V. Zimene zituluke sizifanana ndendende ndi zimene pulogalamu ya bwana itole, koma zikuonetsani pamene pali chisokonezo: dzina ndi foni zikasowa, kapena zaka zikasiyana ndi ntchito zake, konzani. Pakapanda kutuluka chilichonse, ndiye kuti fayilo yanu ndi chithunzi chabe, ija munasindikiza, kusayina, n'kuijambulanso pa makina, ndipo pulogalamu yosatha kuwerenga zithunzi iona tsamba loyera. Kukonza kwake ndi kuchotsa dzina, foni ndi imelo mu Header n'kuziika pa mizere yoyambirira ya thunthu, kuphwasula madanga kuti likhale limodzi, ndi kulemba ntchito iliyonse pamodzi ndi kampani ndi zaka zake, ina pansi pa inzake, pansi pa mitu yodziwika ija. Mukatumiza pa intaneti, fomu ikadzaza yokha mabokosi kuchokera mu sivi yanu, musathamangire kudina Submit. Pamenepo pulogalamu ikukuonetsani poyera zimene yamva, ndipo ikakutchulani dalaivala, fufutani mulembe nokha pamanja.